Kuwerengera data imene vidiyo idzadye isanatsitsidwe pa foni: chidziwitso kwa alimi, ochita malonda ndi anthu onse a kwa Kawinga, Machinga ndi Balaka

Alimi, ochita malonda ndi anthu onse a m'dera la Mfumu Kawinga komanso madera ena a m'maboma a Machinga ndi Balaka akudziwitsidwa kuti n'zotheka kudziwiratu kuchuluka kwa data imene vidiyo idzadye munthu asanayambe kuitsitsa pa foni yake. Mauthenga ambiri a ulimi ndi malonda masiku ano akuyenda ngati mavidiyo: kasungidwe ka chimanga m'matumba osalowa mpweya, kazindikiridwe ka mbozi zowononga chimanga, kapoperedwe ka thonje, ngakhalenso katundu amene wogulitsa wa ku Limbe akufuna kuonetsa wogula wa pa Ntaja. Vuto limene ambiri akukumana nalo ndi lakuti bandulo yogulidwa m'mawa imatha vidiyo ili pakati, ndipo ndalama zapita koma phunziro silinafike. Kawerengedwe kake si kovuta. Kamangofuna zinthu ziwiri zimene zimaoneka pa foni, zomwe ndi kutalika kwa vidiyo ndi mlingo wa kaonekedwe ka chithunzi chake.

Miyezo ya data

Makampani a Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo pa muyezo wa megabayiti ndi gigabayiti, zimene pa foni zimalembedwa kuti MB ndi GB. Gigabayiti imodzi ndi mamegabayiti 1,000, ngakhale kuti makina ena amawerenga 1,024. Kusiyana kumeneku n'kochepa ndipo sikusokoneza kawerengedwe ka tsiku ndi tsiku.

Pali muyezo wina umene umasokoneza anthu ambiri chifukwa dzina lake limafanana ndi loyambali. Umenewu ndi megabiti. Liwiro la netiweki komanso kulemera kwa vidiyo pa sekondi iliyonse zimayezedwa m'mamegabiti pa sekondi, ndipo zimalembedwa kuti Mbps, ndi b wamng'ono. Mamegabiti asanu ndi atatu ndiwo amapanga megabayiti imodzi. Choncho paliponse pamene munthu akuchoka pa Mbps kupita pa MB ayenera kugawa ndi 8. Woiwala zimenezi amapeza yankho lokula kasanu ndi katatu, n'kuopa kutsitsa vidiyo imene bandulo yake ikanakwanitsa bwinobwino.

Tanthauzo la 360p, 480p ndi 720p

Chithunzi cha pa foni chimapangidwa ndi timadontho tating'onoting'ono totchedwa mapikiseli, tondandalikidwa m'mizere ngati mapando a m'munda. Nambala yolembedwa pa vidiyo, monga 360p kapena 720p, imanena kuchuluka kwa mizereyo kuchokera pamwamba pa chithunzi kufika pansi. Vidiyo ya 360p imakhala ndi mizere 360, mzere uliwonse wa timadontho 640, zonse pamodzi timadontho 230,400. Ya 720p ili ndi mizere 720 ya timadontho 1,280, zomwe ndi timadontho 921,600. Nambala ya mizere yangowirikiza kawiri, koma timadontho tachuluka kanayi, monganso munda umakula kanayi ukawonjezedwa kawiri m'litali ndi kawiri m'lifupi. Vidiyo ya 1080p ili ndi timadontho 2,073,600, kuchuluka kasanu ndi kanayi poyerekeza ndi ya 360p.

Apa ndi pamene pagona chifukwa chimene bandulo imathera msanga. Munthu akasuntha vidiyo kuchoka pa 360p kupita pa 720p amaganiza kuti wawonjezera pang'ono chabe, pamene foni yayamba kukoka data yochuluka katatu kapena kanayi pa mphindi iliyonse.

Komabe mlingo wa chithunzi pawokha sutchula kukula kwa vidiyo. Chimene chimatchula ndi bitireti, kutanthauza kuchuluka kwa data imene yaikidwa mu sekondi iliyonse ya vidiyoyo. Mavidiyo onse amapanikizidwa asanaikidwe pa intaneti, ndipo njira yopanikizira imasunga makamaka zimene zasintha kuchokera pa chithunzi china kupita pa chotsatira. Mlangizi amene waima pakhoma akulankhula sasintha zambiri. Khoma lili pomwepo, chimene chikuyenda ndi pakamwa ndi manja. Koma munda wa mpunga umene ukuweyuka ndi mphepo, madzi a mu Shire, kapena mpira wa miyendo, chilichonse chikusuntha, ndipo vidiyo yotere imalemera kwambiri ngakhale mlingo wake ukhale womwewo. N'chifukwa chake mlingo wa chithunzi umangothandiza kuyerekeza bitireti, ndipo yankho lopezeka limakhala loyandikira, osati lenileni ndendende.

Manambala oyambira

Kampani ya Google imatchula liwiro la netiweki lofunika kuti vidiyo ya pa YouTube ionetsedwe mosadukiza pa mlingo uliwonse. Pa 360p imati 0.7 Mbps, pa 480p imati 1.1 Mbps, pa 720p imati 2.5 Mbps, ndipo pa 1080p imati 5 Mbps. Manambala amenewa ndi abwino kuyambira nawo chifukwa mavidiyo ambiri a maphunziro amalemera mocheperapo kuposa pamenepa. Wowerengera ndi manambalawa kawirikawiri amatsala ndi data m'malo moperewera, ndipo kwa munthu wa bandulo yaing'ono ndi bwino kulakwitsira mbali imeneyo.

Njira yonse ndi iyi:

```
MB = Mbps × masekondi ÷ 8
```

Popeza mphindi imodzi ili ndi masekondi 60, ndipo 60 kugawa ndi 8 ndi 7.5, njirayi ingafupikitsidwe motere:

```
MB = Mbps × 7.5 × mphindi
```

Kuchokera pamenepa, mphindi imodzi ya 360p imadya pafupifupi 5 MB, ya 480p pafupifupi 8 MB, ya 720p pafupifupi 19 MB, ndipo ya 1080p pafupifupi 38 MB. Manambala anayi amenewa, 5, 8, 19 ndi 38, ndi okwanira kwa amene safuna kuvutika ndi masamu ena. Angowalemba kuseri kwa kope la kalabu kapena la ngongole za pa okala, n'kumachulukitsa ndi mphindi za vidiyo. Mawu a mu vidiyo amatenga gawo laling'ono, pafupifupi megabayiti imodzi pa mphindi kapena kucheperapo, ndipo n'chifukwa chake uthenga wa mawu okha ndi wotsika mtengo kwambiri kuposa vidiyo iliyonse.

Chitsanzo cha kalabu ya alimi

Mwachitsanzo, kalabu ya alimi ya kufupi ndi Ntaja ikufuna kuonera vidiyo yophunzitsa kamangidwe ka matumba osalowa mpweya poteteza chimanga kwa anankafumbwe. Vidiyoyo ndi yotalika mphindi 14 ndi masekondi 30. Mlembi wa kalabu ali ndi 250 MB mu foni yake, ndipo msonkhano uli mawa m'mawa.

Choyamba ndi kusandutsa kutalika kukhala nambala imodzi. Masekondi 30 ndi theka la mphindi, choncho vidiyoyi ndi ya mphindi 14.5, osati 14.3 monga ena amalembera atangotengera zimene aona pa foni. M'masekondi ndi 14 kuchulukitsa ndi 60, zomwe ndi 840, kuwonjezera 30, zonse 870.

Pa 720p, masekondi 870 kuchulukitsa ndi 2.5 ndi 2,175, ndipo kugawa ndi 8 kumapereka pafupifupi 272 MB. Nambala imeneyi yadutsa kale 250 MB imene mlembi ali nayo. Akanangodina osawerengera, mwina vidiyo ikanaima itatsala pang'ono kutha, data yonse itapita. Pa 480p, 870 kuchulukitsa ndi 1.1 ndi 957, kugawa ndi 8 ndi pafupifupi 120 MB. Pa 360p, 870 kuchulukitsa ndi 0.7 ndi 609, kugawa ndi 8 ndi pafupifupi 76 MB. Pa 1080p vidiyo yomweyi ikanafuna pafupifupi 544 MB, kuposa theka la gigabayiti pa phunziro losakwana kotala la ola.

Pa yankho lililonse ndi nzeru kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo khumi. Data sinyamula vidiyo yokha. Pali zina zoyendetsera kulumikizana, pali tizidutswa timene timatumizidwanso netiweki ikagwedezeka, ndiponso kutsegula tsamba ndi kufufuza vidiyoyo kumadyako zake. Motero 120 MB ikhale 132 MB, ndipo 76 MB ikhale 84 MB.

Mlembi tsopano ali ndi zosankha ziwiri zimene zikukwana, 480p ndi 360p, ndipo kusankha kutengere zimene vidiyoyo ikuonetsa. Phunziro la kamangidwe ka thumba limaonetsa manja akufinya mpweya, akupotokola kukamwa kwa thumba la m'kati ndi kumanga ndi chingwe. Zimenezi ndi zinthu zazikulu zooneka bwino ngakhale pa 360p pa foni ya m'manja. Koma ikanakhala vidiyo yosiyanitsa mbozi yowononga chimanga ndi mbozi zina poyang'ana chizindikiro cha pamutu pake ndi timadontho ta kumchira, kapena yoonetsa zolembedwa pa botolo la mankhwala ndi muyezo wake, 360p ikanabisa zofunikazo. Pamenepo 480p ndiye poyambira, ndipo kusunga data pa chinthu chimene chingachititse mlimi kulakwitsa muyezo wa mankhwala si kusunga kwenikweni. Pa chitsanzo ichi mlembi akasankha 480p atsala ndi pafupifupi 118 MB, yokwanira vidiyo ina yotalika chimodzimodzi pa 360p.

Kuyeza ndi vidiyo imene ili kale mu foni

Manambala a pamwambawa ndi ongoyambira. Amene amatsitsa mavidiyo kawirikawiri kuchokera kumalo amodzi angapeze nambala yolondola kwambiri poyeza vidiyo imene anatsitsa kale. Mu foni, pa malo osungira mafayilo, vidiyo iliyonse imaonetsa kukula kwake munthu akatsegula Details kapena Info. Kukula kumeneko akugawe ndi mphindi za vidiyoyo. Ngati vidiyo ya mphindi 6 ili ndi 27 MB, ndiye kuti mphindi iliyonse ikudya 4.5 MB. Vidiyo ina ya mphindi 14.5 yochokera kwa anthu omwewo, pa mlingo womwewo, ndipo yojambulidwa mofanana, idzakhala pafupifupi 65 MB.

Njira imeneyi imaposa manambala onse olembedwa, chifukwa imatengera zenizeni za gwero la vidiyoyo. Ndipo pamene foni yalemba kale kukula kwa vidiyo, palibe chifukwa chowerengera. WhatsApp imaonetsa nambala ya MB pa vidiyo imene sinatsitsidwe, pafupi ndi kamuvi koloza pansi, ndipo YouTube imaonetsa kukula pa mlingo uliwonse pa mavidiyo amene imalola kusunga. Nambala yolembedwayo ndiyo yoyenera kukhulupirira. Kuwerengera kumagwira ntchito pamene nambalayo palibe, makamaka poonera vidiyo pa intaneti pomwepo, kapena pofuna kudziwa bandulo yoyenera kugula munthu asanapite kwa wogulitsa mayunitsi.

Mavidiyo ojambulidwa ndi foni

Ochita malonda ayenera kusamala ndi mtundu wina wa vidiyo umene manambala 5, 8, 19 ndi 38 sagwira ntchito pa iwo. Vidiyo yongojambulidwa kumene ndi kamera ya foni imakhala isanapanikizidwe kwambiri. Pa mafoni ambiri, mphindi imodzi ya 1080p yotere imapitirira 100 MB, kuchuluka katatu poyerekeza ndi 1080p ya pa YouTube. Nambala ya mlingo ndi yomweyo, koma bitireti ndi yosiyana kotheratu.

Wogula nandolo kapena mpunga ku Liwonde amene wapempha vidiyo ya katundu kwa mlimi akhoza kuilandira m'njira ziwiri. Ikatumizidwa pa WhatsApp monga vidiyo wamba, pulogalamuyo imayamba yaipanikiza, ndipo imafika yopepuka. Ikatumizidwa posankha HD imalemerako. Koma ikatumizidwa monga Document, imapita yonse mmene inajambulidwira, ndipo WhatsApp imalola mafayilo otere mpaka 2 GB. Vidiyo ya mphindi zitatu yoonetsa matumba mu nkhokwe ingadye zoposa 300 MB kwa wotumiza, ndi zinanso zoposa 300 MB kwa wolandira, chifukwa kutumiza kumadya data mofanana ndi kulandira. Pa ntchito yongoonetsa kuti katundu alipo ndipo ndi wouma, kuika kamera pa 720p ndi kujambula kwa theka la mphindi n'kokwanira.

Pamene data yatha mosiyana ndi mmene anawerengera

Kawirikawiri masamu amakhala olondola, koma foni yachita china chimene mwini wake sanadziwe. Chofala kwambiri ndi mlingo wodzisankha wokha. Vidiyo ikasiyidwa pa Auto, pulogalamu imakweza mlingo netiweki ikakhala yamphamvu ndi kuutsitsa ikafooka. Munthu amene kumudzi kwawo amaonera pa 360p chifukwa netiweki ndi yofooka, akafika pa Balaka kapena pa Liwonde pamene pali 4G yamphamvu, foni yomweyo ikhoza kukwera yokha kufika pa 720p. Chizindikiro chake ndi chithunzi chimene chayera mwadzidzidzi. Anthu ambiri amati netiweki ya m'tauni imaba data, pamene chachitika n'chakuti mphindi imene inkadya 5 MB yayamba kudya 19 MB. Pa YouTube mlingo umakhazikitsidwa podina chizindikiro cha Settings pa vidiyo, kenako Quality, kenako Advanced, n'kusankha nambala yofunikayo.

Liwiro la netiweki palokha silisintha kukula kwa vidiyo imene mlingo wake wasankhidwa kale. Fayilo ya 120 MB ndi 120 MB kaya itsike msanga kapena mochedwa. Chimene chimasintha ndi nthawi. Pa liwiro la 2 Mbps, fayiloyi ili ndi mamegabiti 960, ndipo idzatenga masekondi 480, zomwe ndi mphindi 8. Kuopsa kwa netiweki yofooka kuli pa kudukiza. Mapulogalamu ena amapitiriza pamene analekera, koma ena amayambiranso pachiyambi, ndipo data imene inapita kale sibwerera. Vidiyo ya 120 MB imene yaduka itafika pa 90 MB n'kuyambiranso idzadya 210 MB. Ndi bwino kutsitsa vidiyo yaikulu munthu ali pamalo amodzi pamene netiweki ndi yokhazikika, batire lili ndi moto wokwanira, ndiponso ataona kuti mu foni muli malo osungira, kusiyana ndi kutsitsa ali pa minibasi kapena pa kabaza.

Kuonera pa intaneti pomwepo nakonso kumasiyana ndi kutsitsa. Vidiyo yotsitsidwa imalipiridwa kamodzi ndipo ingaonedwe kambirimbiri data itazimitsidwa. Yoonera pomwepo imadyanso data pafupifupi nthawi iliyonse imene yatsegulidwa. Komanso pulogalamu imakoka gawo la kutsogolo munthu asanafikepo, choncho wosiya vidiyo pakati walipira kale zina zimene sanaone. Pa Facebook ndi TikTok mavidiyo amayamba okha munthu akamangodutsa, ndipo data yopita mwa njira imeneyi siilowa m'masamu a vidiyo imene iye ankafuna.

Pali zinanso zimene zimadya data mwakachetechete nthawi yomweyo: mapulogalamu amene akudzikonza okha kudzera pa Play Store, ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp amene akutsika okha. Zomalizazi zimaletsedwa potsegula Settings, kenako Storage and data, kenako When using mobile data, n'kuchotsa chizindikiro pa Videos. Ofuna kudziwa chimene chadya data yawo ayang'ane pa Data usage mu Settings ya foni, pamene pamalembedwa kuchuluka kwa data imene pulogalamu iliyonse yagwiritsa ntchito. Njira ina yosavuta ndi kufunsa data yotsala asanatsitse vidiyo ndiponso atangomaliza. Ngati kusiyana kwake kuli pafupi ndi kukula kwa fayilo, zonse zili bwino. Ngati kwaposa kwambiri, pali china chimene chimakoka data pambali.

Mtundu wa bandulo nawo uyenera kuonedwa asanagule. Bandulo yogwira ntchito pa WhatsApp kapena Facebook pokha siilipira vidiyo ya pa YouTube, ngakhale ulalo wake utabwera kudzera mu uthenga wa pa WhatsApp. Munthu akadina ulalowo watuluka m'dera la bandulo yakeyo, ndipo vidiyo idzadya bandulo ina, kapena idzakana kutseguka, kapenanso, malinga ndi mmene nambala yake inakonzedwera, idzayamba kudya mayunitsi pa mtengo wokwera. Okhala kufupi ndi malire a Mozambique, monga ku Nayuchi ndi m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, aonetsetsenso dzina la netiweki lolembedwa pamwamba pa foni, chifukwa foni ikhoza kugwira netiweki ya tsidya linalo, kumene bandulo wamba ya kuno siigwira ntchito. Kuzimitsa Data roaming kumateteza ku vuto limeneli.

Kugawana vidiyo popanda data

Kalabu ya anthu 20 imene aliyense watsitsa yekha vidiyo ya 120 MB yawononga 2,400 MB pa phunziro limodzi. Vidiyo ikakhala fayilo yosungidwa mu foni, monga yolandiridwa pa WhatsApp, munthu mmodzi angaitsitse n'kugawira anzake kudzera pa Bluetooth, Quick Share, Xender kapena memori khadi, ndipo njira zimenezi sizifuna bandulo mafoni akakhala pafupi. Bluetooth ndi yochedwa pa mafayilo aakulu, choncho imayenera timavidiyo tatifupi. Mavidiyo osungidwa m'kati mwa pulogalamu ya YouTube sangasamutsidwe motere, chifukwa amatseguka mu pulogalamuyo mokha pa foni imene inawatsitsa, ndipo foniyo imafunika kulumikizidwa ku intaneti nthawi ndi nthawi kuti asatsekedwe. Pa mavidiyo otere, mlembi ayese kutsegula vidiyoyo data itazimitsidwa madzulo a tsiku loti mawa lake kuli msonkhano, kuti atsimikize kuti yatsika yonse kufika kumapeto.